Malo ndi nthawi m'nkhani yaifupi: zomwe chimangirizo chiyenera kuonetsa

Zimangirizo zambiri zokamba za malo ndi nthawi zimamaliza ntchito yake m'ziganizo ziwiri zoyambirira. Wolemba amanena kuti nkhaniyi ikuchitikira pamtsinje, nthawi yake ndi madzulo a tsiku la m'dzinja, kenako amayamba kufotokozanso nkhani yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamathero. Wayankha kuti nkhani yachitikira kuti, yachitika liti, koma funso lomwe anafunsidwa silinali limenelo. Funso ndi lakuti: malowo ndi nthawiyo akuwachita chiyani anthu a m'nkhanimo, ndipo akumuchita chiyani wowerenga?

Ine ndimakhulupirira kuti yankho limapezeka pa chinthu chimodzi. Malo ndi nthawi amagwira ntchito m'nkhani pamene akutsekera ampangankhani njira zina ndi kuwasiyira zina. Pali zimene munthu angathe kuchita ali pabwalo zomwe sangachite ali m'kachipinda kothina, ndipo pali mawu amene angadikire mawa ngati mawa liripo, koma sangadikire ngati pangotsala mphindi khumi. Mkangano wa m'nkhani umabadwira m'kutsekeka kumeneku. Kamvekedwe ka nkhani, ndiye kuti mantha, chisoni, chiyembekezo kapena kubanika komwe wowerenga amamva mumtima, nakonso kamachokera komweko. Chimangirizo chabwino chimaonetsa njira zomwe zatsekedwa, chomwe chazitseka, ndi zotsatira zake.

Izi zimaoneka kwambiri m'nkhani yaifupi kuposa m'buku lalitali. Mu 1842, mlembi wa ku America Edgar Allan Poe analemba kuti nkhani yaifupi ndi yoti munthu aiwerenge n'kuimaliza asanadzuke pomwe wakhala, ndipo kuti mawu onse a m'nkhanimo azikokera ku chinthu chimodzi chomwe mlembi akufuna kuti wowerenga amve. Sikuti alembi onse amatsatira maganizo amenewa, koma chifukwa chake n'chomveka. Mlembi wa buku lalitali ali ndi mpata wofotokoza phiri chifukwa choti phirilo ndi lokongola. Mlembi amene ali ndi masamba asanu ndi limodzi okha alibe mpata wotere. Akatchula kuti chitseko chinali chosatsekeka bwino, kawirikawiri chitsekocho chili ndi ntchito. N'chifukwa chake wolemba chimangirizo ali ndi ufulu wofunsa chilichonse chomwe chatchulidwa kuti chikufuna chiyani pamenepa.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, tiyeni titenge nkhani imodzi yomwe ndapeka pofuna kufotokozera, tiione mbali zonse.

Pali akazi awiri apachibale. Wamng'ono anachoka kwawo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo ndipo sanabwerereko. Wamkulu anatsala, ndipo ndiye wakhala akudwazika mayi awo. Matenda atakula, wamkulu analemba kalata, kalatayo inayenda masabata awiri, wamng'ono ananyamuka. Tsiku lomwe akufika, mayi amwalira m'bandakucha. Wamkulu awoloka mtsinje kukamuchingamira padoko la tsidya lina, koma galimoto yomwe wamng'ono wakwera ifika mochedwa, pomwe bwato lomaliza la tsikulo likufuna kunyamuka. Palibe nthawi yokhala pansi n'kucheza. Akwera. Mtsinje ndi wodzaza ndi madzi a mvula, bwato lanyamula anthu asanu ndi atatu, ndipo madzi angotsala zala zinayi kuti afike pamlomo pa bwatolo. Wopalasa achenjeza kuti aliyense asaimirire, asatembenuke mwadzidzidzi. Bwato ndi lopapatiza, choncho anthu akhala mondondozana: wamng'ono ali kutsogolo atayang'ana kwawo, atafungatira phukusi la mankhwala omwe wagulira mayi, wamkulu ali pambuyo pake, akungoona nkhongo yake. Kuwoloka kumatenga theka la ola. Nkhani yonse ikuchitika mkati mwa theka la ola limenelo, ndipo ikufotokozedwa kudzera m'maso mwa wamkulu.

Tsopano taonani zomwe bwatolo lachita. Wamkulu ali ndi uthenga woti anene. Akaunena pakati pa mtsinje, mng'ono wakeyo akhoza kudzidzimuka, kuimirira kapena kudzigwetsa ndi chisoni, ndipo bwato lodzaza chonchi likhoza kugudubuzika ndi anthu onse. Akapanda kuunena, wamng'ono, yemwe wayang'ana kutsogolo, ndiye ayambe kuona khamu la anthu pakhomo pawo pamene gombe likuyandikira, ndipo adzadziwa yekha, popanda womugwira dzanja. Njira zonse ziwiri n'zopweteka. Njira yachitatu, yomutengera pambali n'kumuuza pang'onopang'ono, palibe, chifukwa m'bwato mulibe pambali. Yachinayi, yodikira mawa, palibenso, chifukwa gombe likubwera lokha ngakhale wamkulu atafuna kuti lichedwe. Pakadali pano sitinanene chilichonse za khalidwe la akazi awiriwa, koma mkangano ulipo kale, ndipo waumbidwa ndi kupapatiza kwa bwato, kudzaza kwa madzi ndi kufupika kwa ulendo.

Apa ndi pomwe wowerenga wosamala amapeza chinthu chachiwiri, chomwe chimakometsa chimangirizo. Wamkulu ali ndi mkwiyo wa zaka khumi ndi chimodzi. Mbali ina ya mtima wake ikufuna kuti mng'ono wake akaone yekha, amve kuwawa monga iye wakhala akumvera. Chenjezo la wopalasa likumupatsa chifukwa chabwino chokhalira chete, ndipo iye mwini sakudziwa ngati wakhala chete pofuna kuteteza anthu a m'bwato kapena pofuna kulanga m'bale wake. Malo omwe akumutsekera pakamwa ndi omwenso akumubisira cholinga chake. Mkangano wakunja, wa munthu ndi mtsinje, walowana ndi mkangano wamkati, wa munthu ndi mtima wake, moti sungathe kuwalekanitsa. Wolemba chimangirizo akafika poonetsa kulowana kumeneku, wafika pa fupa la nkhani.

Malo si madzi ndi matabwa okha. Anthu ena asanu ndi mmodzi omwe ali m'bwatomo nawonso ndi mbali ya malo. Pamaso pa alendo pali zinthu zomwe apachibale sanganene, ndipo zonenedwazo zimatuluka zitafupikitsidwa. Tinene kuti pakati pa ulendo zokamba zawo zili motere:

"Achemwali, amayi akumadya?"

"Khala bwino, iwe. Wamva zomwe anena bambowa."

"Ndangofunsa ngati akumadya."

"Tikafika."

Wamng'ono wafunsa funso lachikondi, wamkulu wayankha ndi lamulo la wopalasa. Mawu akuti "Tikafika" wowamva m'bwatomo angawatenge ngati mawu wamba, koma wowerenga, amene akudziwa zomwe zili kutsidya, akumva kulemera kwake. Onaninso kuti akazi awiriwa akuyankhulana osaonana nkhope. Wamng'ono akadatembenuka akadaona maso ofiira a mkulu wake, nkhani ikadathera pomwepo. Kakhalidwe kawo m'bwato, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndi kamene kakusunga chinsinsi.

Pali njira yosavuta yoyesera ngati zomwe tikunena zokhudza malo n'zoona kapena tikungokometsa. Samutsani nkhani m'maganizo mwanu, muone chomwe chikugwa. Ikani akazi awiriwa m'chipinda chochezera, masana, ali awiriwiri. Wamkulu akhoza kunena uthenga nthawi yomweyo, wamng'ono akhoza kulira mmene angafunire, palibe amene angamire. Mkwiyo wa zaka zija ulipobe, koma tsopano wamkulu akakhala chete, aliyense aona kuti ndi nkhanza, ndipo kukayika kuja, komwe kumatichititsa kumumvera chisoni, kwatha. Kapena siyani mtsinje pomwepo koma musinthe nyengo: m'chilimwe madzi ndi ochepa, bwato silili pangozi, chenjezo la wopalasa lilibe mphamvu. Kapena ikani mlatho. Nthawi iliyonse mukasintha chinthu chimodzi, lembani chomwe chasowa m'nkhani. Zomwe zasowazo ndiye ntchito ya malo. Mukasintha chinthu koma nkhani n'kukhalabe chimodzimodzi, monga mtundu wa utoto wa bwato, chinthucho si choti muwonongerepo ndime yonse.

Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa imateteza wolemba ku kunama kosadziwa. N'zosavuta kulemba kuti "mtsinje ukuonjezera mantha m'nkhani", ndipo palibe angatsutse, komanso palibe chomwe chanenedwa. Koma ukanena kuti popanda kudzaza kwa mtsinje wamkulu sakanakhala ndi chobisalira, wanena chinthu chomwe wina angachiyese, n'kuvomera kapena kukana.

Nthawi ili ndi magawo angapo, ndipo olemba ambiri amangoona gawo limodzi, la ola. Ola ndi lofunika ndithu. M'nkhani yathuyi ndi madzulo, dzuwa likulowa, ndipo usiku bwato siliwoloka, n'chifukwa chake akazi awiriwa sakanatha kutsalira padoko kuti akwere lotsatira. Kuchepa kwa kuwala kukugwiranso ntchito ina: wamkulu akuwerengera mumtima ngati mdima ungafike msanga kuti ubise khamu la kutsidya, pomwe kupalasa kulikonse kukuwayandikitsa. Zinthu ziwiri zikuthamangitsana, mdima ndi gombe, ndipo wowerenga akuzitsatira zonse. Nyengo ya pachaka tayiona kale, ndi yomwe yadzaza mtsinje.

Gawo lomwe limaiwalika kawirikawiri ndi la m'badwo, ndiye kuti zaka zomwe nkhani ikuchitika. Kalata yoyenda masabata awiri ikutiuza kuti awa ndi masiku omwe anthuwa analibe foni zam'manja. Ikani foni m'thumba la wamng'ono, uthenga ukadamupeza ali m'galimoto m'mawa womwewo, ndipo nkhani sikanakhalapo. M'badwo umalamula liwiro la uthenga, kutalika kwa ulendo, matenda omwe angachizike, zomwe malamulo amalola, ndi zomwe anthu amayembekeza kwa mwana wamkazi kapena wamwamuna. Mlembi nthawi zambiri satchula chaka. Amasiya zizindikiro, monga nyali, kalata, mtundu wa galimoto, ndipo ntchito ya wolemba chimangirizo ndi kuzitola n'kunena kuti zikuloza nthawi iti. Samalani pano kuti musasokoneze nthawi yomwe nkhani ikuchitika ndi nthawi yomwe inalembedwa. Mlembi wa lero akhoza kuika nkhani yake zaka makumi asanu m'mbuyo, ndipo akatero wasankha dala, mwina pofuna kuti uthenga uchedwe monga momwe wachedwera apa.

Gawo lina, lomwe kwa ine ndi lokoma kulifufuza kuposa onse, ndi kusiyana kwa nthawi yomwe zinthu zinatenga pochitika ndi malo omwe mlembi wazipatsa papepala. Katswiri wa ku France Gérard Genette anafotokoza bwino kusiyana kumeneku mu 1972, ndipo aliyense angathe kukuyeza ndi pensulo. Tinene kuti nkhani yathu ili ndi masamba asanu ndi limodzi. Zaka khumi ndi chimodzi za kusiyana kwa akaziwa zapatsidwa ndime imodzi. Theka la ola la pamtsinje lapatsidwa masamba asanu. Ndiye kuti mlembi wathamanga pa zaka, wakwawa pa mphindi. Wowerenga akumva kuti ulendo sukutha, monga momwe wamkulu akumvera, chifukwa mlembi akumuchedwetsa pa kupalasa kulikonse, pa dontho lililonse lolowa m'bwato. Kubanika komwe wowerenga akumva sikukuchokera m'mawu oti "kunali koopsa". Kukuchokera m'kuchedwa kumeneku. Mu chimangirizo mungathe kulemba chiwerengero chenicheni, kuti ndime imodzi yanyamula zaka ndipo masamba asanu anyamula theka la ola, ndipo umenewu ndi umboni wolimba kuposa maganizo chabe.

Onaninso pomwe mlembi waika zokumbukira zakale. Ngati wamkulu akumbukira usiku womwe mayi anagwa iye ali yekha m'nyumba, ndipo kukumbukirako kwabwera bwato lili pakati penipeni pomwe madzi ali ndi mphamvu, mlembi walumikiza malo oopsa kwambiri a mtsinje ndi malo opweteka kwambiri a mtima. Mikhail Bakhtin wa ku Russia, m'zolemba zake za m'zaka za 1937 ndi 1938, ananena kuti m'nkhani zopeka malo ndi nthawi sizilekana: nthawi imaoneka ndi maso kudzera m'malo, ndipo malo amadzaza ndi kuyenda kwa nthawi. Bwato lathu likuonetsa zimenezi poyera. Mtunda wotsala kuti afike pagombe ndiwo nthawi yotsala kuti wamkulu ayankhule. Sitingakambe chimodzi osakamba chinzake, choncho chimangirizo chomwe chimapatsa malo ndime yakeyake, nthawi ndime yakeyake, ngati zinthu zosadziwana, chimataya mfundo yaikulu.

Tibwere ku kamvekedwe ka nkhani, komwe zolakwika zimachuluka. Cholakwika choyamba ndi kusokoneza zomwe mpangankhani akumva ndi zomwe wowerenga akumva. M'bwato muja wamng'ono ali ndi chiyembekezo, wanyamula mankhwala, mwina akumwetulira poona mitengo yomwe anaisiya kale. Koma nkhani sikumveka mwachiyembekezo. Kumwetulira kwakeko ndi komwe kukutiwawa, chifukwa ife takhala kumbuyo ndi wamkulu ndipo tikudziwa. Kamvekedwe kakuchokera m'kusiyana kwa zomwe iye akuona pagombe ndi zomwe ife tikudziwa za gombelo.

Izi zikutifikitsa pa mfundo yakuti malo a m'nkhani amaonedwa ndi munthu wina wake. Palibe mlembi angafotokoze chilichonse chomwe chili pamtsinje. Amasankha zinthu zitatu kapena zinayi, ndipo zosankhidwazo zimaulula mtima wa yemwe akuona. Wamkulu akuona madzi ofiira ndi matope, chitsa cha mtengo chikukokoloka, kachitini kokapira madzi kali pamapazi ake, ndi chingwe chomangira phukusi la mankhwala. Nkhani yomweyi ikanafotokozedwa ndi wamng'ono, mtsinje womwewo, ola lomwelo, tikanaona mbalame zikubwerera kogona ndi utsi wa kwawo ukukwera. Choncho polemba, musangonena kuti malo ndi oopsa. Nenani kuti akuoneka oopsa kwa yani, ndipo mfotokozankhani waima pati. Yang'anani aneni omwe mlembi wagwiritsa ntchito. Madzi "akunyambita" mlomo wa bwato ndi osiyana ndi madzi "akugunda" bwato, ndipo onsewa ndi osiyana ndi madzi ongoyenda. Yang'ananinso kutalika kwa ziganizo. Kawirikawiri ngozi ikayandikira ziganizo zimafupika, ndipo wowerenga amapuma mofulumira osazindikira chifukwa chake.

Cholakwika chachiwiri ndi kuganiza kuti nyengo nthawi zonse imagwirizana ndi mtima wa munthu, kuti mvula ndi chisoni, dzuwa ndi chimwemwe. Alembi amachitadi zimenezi, ndipo mu 1856 John Ruskin wa ku England anadandaula za chizolowezi cha alakatuli chopatsa nyanja, mitambo ndi masamba maganizo a munthu, ngati kuti chilengedwe chikulira nawo. Koma mlembi waluso nthawi zambiri amachita zosemphana. Tinene kuti bwato likuyandikira gombe, mitambo itseguka, dzuwa lolowa liwalitsa mtsinje wonse mokongola, ndipo mmodzi mwa okwera anena kuti mawa kucha bwino. Kukongolako sikukuchepetsa chisoni, kukuchikulitsa, chifukwa dziko likupitiriza ntchito yake osalabadira kuti mayi wina wamwalira. Komanso kuwalako kukuchotsa mdima womwe wamkulu amadalira, ndipo khamu la kutsidya likuoneka bwinobwino. Wolemba amene anabwera ndi lamulo lake loti dzuwa ndi chimwemwe adzalemba kuti nkhani yatha mosangalatsa, ndipo adzakhala ataiphonya yonse.

Chachitatu, kamvekedwe sikakhala kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Padoko pali phokoso ndi changu, anthu akukankhana, galimoto yachedwa. Pakati pa mtsinje pali bata lolemera. Pafupi ndi gombe pali mantha akuthwa. Malo atatu, kamvekedwe katatu, ndipo kusintha kwa malo ndi kumene kukusintha kamvekedwe. Apa mwapeza kale dongosolo la thunthu la chimangirizo chanu popanda kulifunafuna kwina: tsatirani bwato.

Nanga ntchito yolembayo imayenda bwanji? Werengani nkhani kawiri. Ulendo woyamba ingowerengani, ndipo mukamaliza lembani mawu awiri kapena atatu onena zomwe mwamva mumtima. Ulendo wachiwiri gwirani pensulo, mudule mzere kunsi kwa chilichonse chonena za malo kapena nthawi, ngakhale chaching'ono. Pambali pa chilichonse lembani chomwe chikuletsa kapena kukakamiza. Pa "bwato lomaliza" mulemba kuti sangadikire. Pa "anakhala mondondozana" mulemba kuti sangaonane nkhope. Pa "anthu asanu ndi atatu" mulemba kuti sangayankhule momasuka. Zina mudzapeza kuti pambali pake palibe cholemba, zisiyeni. Zotsalazo zikuuzani mfundo yanu yaikulu, yomwe iyenera kukwana m'chiganizo chimodzi kumapeto kwa ndime yoyamba. Chiganizo chakuti "malo ndi nthawi ndi zofunika kwambiri m'nkhaniyi" si mfundo, chifukwa chingakwane pa nkhani iliyonse. Mfundo ya nkhani yathu ingakhale yakuti bwato lodzaza ndi ulendo wa theka la ola zikusandutsa uthenga wa imfa kukhala chinthu choopsa kuchinena komanso choopsa kuchisunga, ndipo potero zikubisa ngati chete wa wamkulu ndi wachifundo kapena wobwezera.

Ndime iliyonse ya m'thunthu itenge chinthu chimodzi cha malo kapena nthawi, ipereke mawu enieni a m'nkhani, kenako ifotokoze zomwe mawuwo akuchita. Gawo lofotokozali likhale lalitali kuposa mawu obwerekawo. Ndime yotere ingaoneke chonchi:

Kakhalidwe ka anthu m'bwato ndi kamene kakusunga chinsinsi mpaka kumapeto. Mlembi akutiuza kuti wamkulu "ankangoona nkhongo" ya mng'ono wake, ndipo wopalasa waletsa kutembenuka. Chifukwa cha ichi, wamng'ono akufunsa za mayi osaona nkhope ya yemwe akumuyankha, ndipo yankho lakuti "Tikafika" akulilandira ngati kuuma mtima komwe akukudziwa kale mwa mkulu wake. Wowerenga, yemwe wakhazikidwa kumbuyo pamodzi ndi wamkulu, akuona zonse ziwiri: phukusi la mankhwala lomwe lilibenso ntchito, ndi misozi yomwe mwini phukusi sangaione. Kubanika kwa gawo limeneli kukuchokera pamenepa, kuti choonadi chili pafupi kwambiri ndi wamng'ono, kumbuyo kwake kwenikweni, koma malo akumuletsa kuchiyang'ana.

Onani kuti ndimeyi sikufotokozanso nkhani. Yatchula zochitika zokhazo zomwe zikufunika pa mfundo yake. Njira yodziwira ngati mwagwa m'mbuna yofotokozanso nkhani ndi kuyang'ana mawu olumikizira ziganizo zanu. Mukaona "kenako", "atatero", "pambuyo pake" akubwerezabwereza, mukusimba nkhani. Mukaona "chifukwa", "choncho", "izi zikuchititsa kuti", mukuisanthula.

Mbuna ina ndi yothamangira zizindikiro. Wolemba akangoona mtsinje amalemba kuti mtsinje ukuimira moyo, kapena malire a moyo ndi imfa. Mwina n'zoona, koma mtsinje uyambe wakhala mtsinje, wokhala ndi madzi omwe angamize munthu, usanayambe kuimira china. Tanthauzo lobisika limaloledwa ngati nkhani yomwe yapereka umboni, mwachitsanzo ngati mlembi wabwereza kangapo mawu oti "kutsidya" pokamba za gombe komanso pokamba za mayi. Popanda umboni wotere, chizindikirocho mwabwera nacho nokha, ndipo wina akhoza kunena kuti mtsinjewo ukuimira chinthu china chosiyana kotheratu, inu n'kusowa pomutsutsira.

Njira yonseyi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Si nkhani zonse zomwe malo ake amagwira anthu pakhosi ngati bwato lathu. Zilipo zomwe zimachitikira m'chipinda chosatchulidwa dzina, m'mzinda wosadziwika, pa nthawi yosanenedwa. Mukayesa kuisamutsa nkhani yotere, mupeza kuti palibe chomwe chagwa. Musakakamize. Funsani kuti kusowa kwa malo odziwikako kukuchita chiyani: mwina mlembi akufuna kuti wowerenga asowe pogwira monga momwe mpangankhani akusowera, kapena kuti zochitikazo zioneke zotheka kulikonse. Imeneyonso ndi mfundo yoti ingatetezedwe ndi umboni, bola muonetse kuti mlembi anali ndi mipata yotchula malo koma anaidumpha.

Malire ena ndi akuti malo samuchitira munthu chisankho. Bwato lapanikiza wamkulu, koma silinamuuze choti achite. Mkazi wina pa mpando womwewo akanatha kugwira mapewa a mng'ono wake mwamphamvu, n'kumunong'oneza uthengawo ali chigwirire. Wina akanapempha wopalasa kuti akocheze kumunsi pang'ono, kutali ndi khamu. Chimangirizo chomwe chimanena kuti mtsinje ndiwo unachititsa zonse chimamulanda mpangankhani udindo wake, ndipo mkangano umatha mphamvu, poti munthu wopanda chosankha alibe cholimbana nacho. Ndime yomaliza ya thunthu ndi malo abwino oyankhira funso limeneli: mwa njira zochepa zomwe malo ndi nthawi anamusiyira, iye anasankha iti, anaisankha bwato lili pati, ndipo kuchedwa kapena kufulumira kwa chisankhocho kukutiuza chiyani za iye? Ngati wamkulu wayankhula kutangotsala mikono iwiri kuti bwato likhudze mchenga, pomwe madzi afika m'mawondo ndipo palibenso angamire, mungathe kunena kuti amateteza anthu a m'bwato. Ngati wakhala chete mpaka wamng'ono waona yekha khamulo, ngakhale kuti ngozi inali itatha kale mphindi zingapo m'mbuyo, ndiye kuti mtsinje unasiya kukhala chifukwa chake, ndipo mphindi zimenezo ndi zomwe chimangirizo chanu chiyenera kuzifufuza mawu ndi mawu.